Chidule cha msonkhano wojambulidwa: ndiwalembere chiyani abwana amene panalibe?

Nambewe, Chipata

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza kuno ku Chipata, ndipo tili ndi madepoti ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi. Lero Lachiwiri pa 21 Okutobala tinali ndi msonkhano wa ogwira ntchito, anthu 11, koma abwana athu panalibe chifukwa ali kumaliro ku Lusaka ndipo adzabwera Lolemba. Asananyamuke anapempha kuti msonkhanowo ujambulidwe mawu pa foni, anthu onse anavomera, ndipo ine anandiuza kuti ndiwatumizire chidule pa imelo. Amene anakhala pampando ndi owerengera ndalama athu.

Mawu ojambulidwawo ndi a ola limodzi ndi mphindi 47. Ndamvetsera kuyambira pachiyambi, ndikulemba zimene aliyense ananena monga momwe zinkabwerera, ndipo ndafika masamba anayi ndisanamalize. Mtima wanga ukundiuza kuti munthu amene ali pa siwa sangawerenge masamba anayi pa foni, koma ndikafuna kuchotsa kanthu ndikuopa kuti mwina n'chimene abwana akanafuna kumva. Nkhani zikuluzikulu zinali izi: lole yonyamula feteleza kupita ku Chadiza mvula isanayambe, kutsegula sitolo Loweruka mpaka madzulo, ndalama ya mafuta a njinga zamoto, ndi chiwerengero cha matumba a yureya ku Katete. Panalinso kukangana kwa anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo ananena kuti zimenezo zisalembedwe. Amene munachitapo ntchito imeneyi, ndithandizeni poyambira.

Bambo Daka, Petauke

Mayi, zimenezi zili ndi ndondomeko yake yodziwika, ndipo ife kusukulu timaitsatira teremu iliyonse. Muyambe ndi tsiku, malo ndi nthawi, kenako mayina a opezekapo ndi a opepesa, pemphero lotsegulira, kuwerenga ndi kuvomereza maminitsi a msonkhano wapita, zotuluka m'maminitsiwo, nkhani zatsopano, nkhani zina, ndi nthawi yotsekera. Pansi musiye malo oti wapampando ndi mlembi asainepo. Masamba anayi si ambiri ayi. Athu amafika asanu ndi limodzi.

Bambo Tembo, Chipata

A Daka, zimene mwafotokozazo n'zoona pa maminitsi, koma a Nambewe sanapemphedwe maminitsi. Ndinalemba za misonkhano ya makomiti kwa zaka 19 ndisanapume, ndipo zinthu ziwirizi zimasiyana pa amene akuwerenga. Maminitsi amalembedwera fayilo, ndipo opezekapo amawavomereza pa msonkhano wotsatira. Imelo imeneyi ikulembedwera munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yogamula, amene akufuna kudziwa ngati pali chimene chikumudikira iyeyo. N'chifukwa chake siyenera kutsatira momwe nkhani zinabwerera pa msonkhano. Chimene chinakambidwa pomalizira chikhoza kukhala choyamba mu imelo.

A Nambewe, ndisanakuuzeni kalembedwe, ndiyankheni funso ili pa nkhani zinayi mwatchulazo, iliyonse payokha. Kodi inatha bwanji? Sindikufunsa kuti anthu ananena chiyani, koma kuti mawu omaliza a wapampando asanapite ku nkhani ina anali otani. Bwererani ku foni, mupeze pamene nkhani iliyonse inathera, ndipo mutilembere mawuwo ndendende pamodzi ndi mphindi imene akupezekapo.

Nambewe, Chipata

Zikomo bambo. Ndabwererako, ndipo ndapeza izi. Za lole zinatha pa 0:24:30. Pali makotesheni awiri, ina ya K6,500 ndi ina ya K7,800, ndipo wapampando anati, "Izi zikuposa K5,000, n'za abwana." Mwini lole yotchipayo akufuna yankho pofika Lachinayi 12 koloko masana, chifukwa tikachedwa apita kukanyamula katundu wa munthu wina. Za Loweruka zinatha pa 0:36:05, pamene wapampando anafunsa ngati pali wotsutsa, panalibe, ndipo anati, "Tagwirizana, kuyambira pa 1 Novembala tizitseka 4 koloko madzulo." Za mafuta zinatenga nthawi yaitali, kuyambira pa 0:38:10 mpaka pa 0:52:40. Anyamata oyenda m'midzi anapempha kuti ndalamayo ichoke pa K400 ifike pa K600 pa sabata, ndipo wapampando anati, "Tamva, tiona." Ine m'masamba anga ndinali nditalemba kuti msonkhano wavomereza kukweza ndalamayo, chifukwa palibe amene anakana. Za matumba a ku Katete, wosunga katundu ananena nambala pa 1:03:20, ndipo ndalemba 140.

Bambo Tembo, Chipata

Mwadzipezera nokha malo oopsa kwambiri mu imelo yonseyi, ndipo ndi pamenepo pa "tamva, tiona." Kumva si kuvomera. Kwathu kuno munthu wamkulu sakonda kukana pamaso pa gulu, makamaka pamene opemphawo ndi ana ake pantchito, kotero amati "tamva," "chabwino," kapena "tiona," n'kupita ku nkhani ina. Amene anali m'chipindamo anaona nkhope yake ndipo ambiri anadziwa tanthauzo lake, koma foni sinajambule nkhope. Mukalemba kuti msonkhano wavomereza K600, abwana adzaganiza kuti owerengera ndalama awalowera m'munda, ndipo anyamatawo akadzamva kuti zinalembedwa choncho adzayembekezera ndalamayo Lolemba lomwe. Anthu awiri adzayambana chifukwa cha mneni mmodzi amene inu munasankha.

Nkhani iliyonse ya pa msonkhano imathera pa malo amodzi mwa atatu. Pali imene yamangidwa ndi anthu amene anali ndi mphamvu yoimanga. Pali imene yasiyidwira munthu wina kuti agamule. Pali imene yangokambidwa n'kusiyidwa m'malere. Za Loweruka zikuoneka kuti zili pa malo oyamba, za lole pa achiwiri, ndipo za mafuta pa achitatu. Mneni wanu asonyeze zimenezi mosabisa: "tinagwirizana," "zikudikira inu," "anapempha, koma sipanagamulidwe kanthu." Ndati za Loweruka zikuoneka chabe chifukwa ndili ndi funso lina. Kodi wapampando anasiyiridwa mphamvu yosintha nthawi ya ntchito? Maola owonjezera amabwera ndi malipiro owonjezera, ndipo ngati mphamvuyo sanasiyiridwe, kugwirizana kwa anthu 11 kukadali pempho chabe kwa abwana.

Pa nambala ija, musatumize 140 musanafunse mwiniwake. Manambala timawatchula m'Chingerezi ngakhale pamene tikulankhula Chinyanja, ndipo fotini ndi fote zimamveka zofanana pa foni imene inali kutali ndi wolankhula. Buku la katundu likuti matumba ndi angati?

Nambewe, Chipata

Buku likuti 120. Ndamvetseranso kanayi nditavala mahedifoni, ndipo sindikutha kusiyanitsa, chifukwa nthawi yomweyo kunja kunkadutsa njinga yamoto. Za Loweruka, abwana analemba pa imelo sabata yatha kuti owerengera ndalama akonze nthawi ya ntchito ya nyengo yogulitsa, kotero mphamvuyo anali nayo.

Bambo Tembo, Chipata

Ndiye za Loweruka zatha bwino. Koma onani kukula kwa kusiyana pa nambalayo. Ngati ndi 140, ku Katete kuli matumba 20 oposa a m'buku, ndipo mwina katundu wina anafika koma sanalowetsedwe. Ngati ndi 114, matumba 6 akusowa, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yolemera. Muimbireni wosunga katunduyo mawa m'mawa, mumupemphe kuti akutumizireni nambalayo yolembedwa pa uthenga wa foni, ndipo mu imelo munene kuti mwatsimikizira naye. Mumvetserenso mphindi zingapo zotsatira, chifukwa anthu amakonda kukonza nambala pambuyo pake nkhani ina itayamba kale, ndipo mlembi amene wachoka kale pa mutuwo sazimva.

Mayi Jere, Chipata

Ine ndikuona kuti njira imeneyi ikumuika mwanayu pangozi. Akayamba kusankha yekha kuti ichi chinamangidwa, ichi sichinamangidwe, tsiku lina wina adzanena kuti kalaliki wapotoza. Ndinaziona zimenezi pa ofesi ina imene ndinagwirapo, pamene mlembi anadzudzulidwa pa mawu amene anafupikitsa ndi mtima wabwino. Chitetezo chake n'kulemba mawu a munthu aliyense ndendende monga anawanenera, ndiponso kumata fayilo ya mawuyo pa imelo kuti abwana adzimvere okha. Akatero palibe amene angamuloze chala.

Zulu, Katete

Mayi Jere, kumata fayiloyo sikutheka monga mukuganizira. Mawu ojambulidwa pa foni kawirikawiri amatenga pafupifupi 1 MB pa mphindi, kapena theka lake ngati foniyo ikujambula mopepuka, kotero mphindi 107 zikhoza kufika pakati pa 50 MB ndi 110 MB. Gmail imalola 25 MB yokha pa zomata, ndipo fayilo ikaposa pamenepo imaikidwa pa Google Drive n'kutumizidwa ngati linki. A Nambewe, mukachita zimenezo muonetsetse kuti pa General access pali Restricted, ndipo muikepo adiresi ya abwana yokha. Mukasankha Anyone with the link, aliyense amene linkiyo yamufika akhoza kumvetsera, ngakhale amene sagwira ntchito kwanu. Anthu aja anavomera kujambulidwa kuti abwana amve, osati kuti mawu awo aziyenda m'mafoni, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la 2021 loteteza zinthu zokhudza munthu mwini. Musaitumizenso pa gulu la WhatsApp la kuntchito.

Bambo Tembo, Chipata

Mayi Jere, theka la mawu anu ndikulivomereza ndi mtima wonse. Pa malo amene tanthauzo lili lokayikitsa, mawu enieni ndiwo chitetezo. Pa za mafuta ndikanalemba kuti wapampando anayankha kuti "tamva, tiona," n'kuika mphindi yake, 0:52:40, kuti abwana akafuna amvetsere masekondi makumi atatu okha m'malo mwa maola awiri. Ubwino weniweni wa msonkhano wojambulidwa ndi umenewo, kuti chiganizo chilichonse cholemera chikhoza kuloza pamene chachokera.

Koma kulemba mawu onse ndendende sikuteteza mlembi ayi. Munthu akamalankhula amabwereza, amayamba chiganizo n'kuchisiya, amanena nthabwala imene papepala imaoneka ngati chipongwe. Komanso mawu a ola limodzi ndi mphindi 47 akalembedwa onse amadzaza masamba makumi angapo. Abwana sawerenga, Lachinayi 12 koloko idutsa, lole ipita, ndipo funso limene adzafunsidwe a Nambewe lidzakhala lakuti bwanji simunandiuze. Kuyankha kuti zinali pa tsamba lachitatu sikudzabweza loleyo, ndipo amene amadziwa misewu ya m'midzi ya ku Chadiza mvula ikagwa akudziwa mtengo wa kuchedwa kumeneko.

Mayi Jere, Chipata

Pa lole ndagonja. Koma pa kukangana kuja sindikusuntha. Ngati munthu wanena mawu olemera pamaso pa anthu 11, abwana ali ndi ufulu wodziwa, ndipo kalaliki alibe mphamvu yowabisira.

Nambewe, Chipata

Ndifotokoze pang'ono popanda mayina. Pamene nkhani ya matumba inkakambidwa, mnzathu wina anati wa ku depoti amapereka katundu pa ngongole kwa abale ake popanda kulemba. Woneneredwayo anakana mokweza mawu, wapampando anawaletsa, ndipo woneneza uja anati, "Izi zisalembedwe." Palibe umboni umene unaonetsedwa. Foni inali ikujambulabe. Ndatsimikiziranso nambala ija m'mawa uno: ndi 114, ndipo wosunga katunduyo anali ataibwerezadi pa 1:11:45, pamene ine ndinali nditayamba kale kulemba za nkhani ina. Choncho matumba 6 akusowa, ndipo zimenezi zikupangitsa mawu aja kulemera kwambiri m'mutu mwanga.

Bambo Ngoma, Lundazi

Mlongo wanga, ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine, chifukwa mpaka lero zimandipweteka. Ndinkagwira ntchito pa bungwe lina la alimi, ndipo ndinalembera abwana anga chidule chofanana ndi chimenechi. Ndinaikamo chiganizo chakuti uje ananena kuti uje amabwera kuntchito ataledzera. Ndinkaganiza kuti ndikulembera munthu mmodzi. Abwanawo anafuna kuyankha za nkhani ina ya mbewu imene inali mu imelo yomweyo, anawonjezera anthu asanu ndi mmodzi pa Cc, ndipo chidule changa chonse chinapita nawo pansi pa yankho lawo. Woneneredwayo anawerenga. Sanakwiyire amene ananena, koma ine amene ndinalemba, ndipo tinali oyandikana nyumba. Papita zaka zinayi, ndipo akazi athu sapatsanabe moto. Imelo ilibe chitseko. Chilichonse chimene mwalemba muziganiza kuti amene mwamutchulayo adzachiwerenga.

Mayi Lungu, Katete

Ndilankhule monga munthu amene amalandira maimelo otere, chifukwa ndimayang'anira anthu 14. A Ngoma, pepani pa zimene zinakuonekerani, koma kuchotseratu nkhaniyo n'kulakwanso. Ndikabwera Lolemba n'kupeza anthu awiri sakupatsana moni, ndipo chidule sichinanene kanthu, ndimaona ngati ndayendetsedwa mumdima. Chimene ndimafuna ndi chiganizo chimodzi chondichenjeza kuti pali kanthu, ndi kondiuza munthu amene ndingamufunse. Tsatanetsatane wake ndimafuna kumumva ndi makutu kuchokera kwa wapampando, amene ndiye anali ndi udindo m'chipindamo. Ndikanalemba chonchi: "Pa nkhani ya matumba panali kusamvana pakati pa anzathu awiri. Wapampando anakuletsa, ndipo adzakufotokozerani pamaso." Za matumba 6 zilembedwe poyera chifukwa ndi nambala yotsimikizika, koma zisalumikizidwe ndi mawu oneneza aja m'chiganizo chimodzi, popeza mukatero mwaweruza mlandu umene sunafufuzidwe.

Pali china chimene sindikugwirizana nacho ndi alembi ambiri akale. Iwo amakonda kulemba kuti "zinanenedwa" kapena "ena anaona kuti." Ine pa zopempha ndimafuna kudziwa amene wapempha. Ngati za mafuta zachokera kwa mnyamata wa ku Lundazi, amene amayenda mitunda italiitali, ndizimva mosiyana ndi pamene zachokera kwa wa m'tauni.

Bambo Tembo, Chipata

Mayi Lungu, chiganizo chanu cha kusamvana ndi chabwino kuposa chimene ndikanalemba ine, ndipo a Nambewe achitenge monga chilili, atauza kaye wapampando kuti amutchula. Pa mayina tikusiyana pang'ono. Dzina ndimaliika pamene munthu wapatsidwa ntchito yoti achite, chifukwa ntchito yopanda dzina ndi tsiku imakhala ya aliyense ndipo sichitika. Ndimaliikanso pamene munthu wapereka nambala imene iyeyo ndiye mwini wake. Koma pa dandaulo la gulu sindikonda kutchula amene analimba mtima n'kulankhula, chifukwa anthu akazindikira kuti wolankhula amalembedwa dzina kwa abwana, msonkhano wotsatira udzakhala wa anthu ogwedeza mitu okhaokha. Ndikanati "oyenda m'midzi anapempha," ndipo ngati mtunda ndiwo chifukwa, ndikanalemba mtundawo.

Mayi Lungu, Katete

Ndikumvetsa mantha amenewo, koma msonkhano unajambulidwa, ndipo mayina ali kale m'mawumo. Kubisa dzina papepala pamene abwana akhoza kulimva pa 0:38:10 sikuteteza munthu. Pamenepa ndikuona kuti zimadalira mtima wa bwana amene mukumulembera, ndipo a Nambewe ndiwo akuwadziwa awo.

Bambo Daka, Petauke

Ndavomera kuti ndinayankha funso lina. Komabe maminitsi asaiwalike, chifukwa imelo si cholembedwa chimene opezekapo anachivomereza. Masamba anayi aja asatayidwe, adzathandiza polemba maminitsiwo. Ndili ndi funso langa: kodi si ulemu kuti wapampando aione imeloyi isanapite? Kusukulu mlembi satumiza kanthu kwa mphunzitsi wamkulu wachiwiri wake asanaone.

Bambo Tembo, Chipata

A Daka, funso limenelo ndi labwino, ndipo lili ndi mbali ziwiri. Abwana anatuma a Nambewe, kotero imeloyo ndi yawo, ndipo wapampando sayenera kuchotsamo zimene sakuzifuna. Koma iye ndiye angatsimikize tanthauzo la mawu ake. Ine ndinkapita kwa wapampando ndi mafunso, osati ndi pepala lonse. Ndinkafunsa kuti, pamene munati "tiona," munatanthauza kuti muwerengera ndalama n'kubweretsa yankho, kapena kuti nkhaniyo ikudikira abwana? Yankho lake limasintha chiganizo. A Nambewe, funsani zimenezo lero, ndipo mutionetse zimene mwalemba nthawi isanathe, popeza lero ndi Lachitatu kale.

Nambewe, Chipata

Ndafunsa. Wapampando akuti awerengera mtengo wake pa mwezi n'kuwapatsa abwana, ndipo anati achita zimenezo "pofika Lachisanu." Avomeranso kuti ndiwatchule pa za kusamvana. Nayi imelo yanga.

Pa Subject ndalemba kuti: Chidule cha msonkhano wa ogwira ntchito.

"Bwana, pepaninso ndi zovuta zimene zakugwerani. Msonkhano unachitika Lachiwiri pa 21 Okutobala, tinalipo anthu 11, ndipo anatsogolera ndi owerengera ndalama.

Tinagwirizana kuti kuyambira pa 1 Novembala sitolo izitsekedwa 4 koloko madzulo Loweruka lililonse, 0:36:05. Oyenda m'midzi anapempha kuti ndalama ya mafuta ichoke pa K400 ifike pa K600 pa sabata. Sipanagamulidwe kanthu, ndipo owerengera ndalama akupatsani mtengo wake pofika Lachisanu, 0:52:40. Ku Katete kwapezeka matumba a yureya 114 pamene buku likuti 120, ndipo ndatsimikizira ndi wosunga katundu, 1:11:45. Pa nkhani imeneyi panali kusamvana pakati pa anzathu awiri, ndipo wapampando adzakufotokozerani pamaso. Za lole ya ku Chadiza zikudikira inu: pali K6,500 ndi K7,800, ndipo yankho likufunika pofika Lachinayi, 0:24:30."

Mayi Lungu, Katete

Mwachoka pa masamba anayi kufika pa ndime ziwiri, ndipo aneni anu tsopano ali m'malo mwake. Koma chinthu chokhacho chimene chikufuna dzanja la abwana mwachiika pomalizira. Munthu amene ali pamaliro amatulutsa foni kwa kanthawi kochepa kuseri kwa nyumba, amaona mutu wa imelo ndi mizere iwiri yoyamba, n'kuibweza m'thumba. Mutu wanu ukumuuza kuti izi zikhoza kudikira Lolemba. Lembani pa Subject kuti yankho la lole likufunika pofika Lachinayi pa 23 Okutobala, 12 koloko, ndipo ndime yoyamba pambuyo pa chipepeso ikhale ya loleyo.

Komanso musandipatse mitengo iwiri yokha. Ndikaona K6,500 ndi K7,800 ndifunsa kuti yodulayo yadulira chiyani, ndipo ngati yankho mulibe mu imelo ndiyenera kuimba foni, zimene mumafuna kundipeputsira. Kodi pa msonkhano zinanenedwa? Ndipo kodi anthu anapendekera kuti? Pomaliza, imelo yokha musaidalire pa nkhani ya maola ochepa ngati imeneyi. Mukatumiza, mulembenso uthenga waufupi pa foni wonena kuti pali imelo yofuna yankho mawa masana asanakwane.

Bambo Tembo, Chipata

Ndiwonjezere chimodzi pa "pofika Lachisanu." Lachisanu likubwerali ndi pa 24 Okutobala, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, ndipo maofesi adzakhala otseka. Kodi wapampando ankatanthauza limenelo, kapena la pa 31? Pa msonkhano anthu amati "mawa," "sabata yamawa," "kumapeto kwa mwezi," ndipo onse amamvana chifukwa ali pa tsiku limodzi. Imelo imawerengedwa tsiku lina, mwina kangapo. Tsiku lililonse lilembedwe ndi deti yake, ndipo ngati deti yake simukuidziwa, ndiye kuti pa msonkhanopo sinamangidwe. Pa matumba 6 muuzenso abwana chimene chichitike ndi amene achichite, ngati zinanenedwa. Ngati sizinanenedwe, lembani kuti palibe amene anapatsidwa ntchito yofufuza, chifukwa kusowa kumeneko nakonso ndi nkhani imene bwana ayenera kuidziwa.

Zulu, Katete

Ngati imeloyi muiika m'Chingerezi monga maofesi ambiri amachitira, mawu aja a wapampando muwasiye m'Chinyanja momwe ananenera. Mukawamasulira amamveka ngati lonjezo kapena ngati kukana, malinga ndi mawu amene mwasankha, pamene iwo anali pakati. Ndipo ndifunse a Mayi Lungu: kodi linki ya mawuyo ipite nawo, popeza kukangana kuja kuli momwemo?

Mayi Lungu, Katete

Ipite kwa abwana okha, chifukwa ndiwo anapempha kuti msonkhano ujambulidwe, ndipo kudula chigawo china n'koipa kwambiri kuposa kuchisiya. Koma ndikanaiika mu imelo ina yapadera, kuti chidule chikadzatumizidwa kwa anthu ena monga zinachitikira a Ngoma, linkiyo isapite nawo.

Mayi Jere, Chipata

Ine ndikuonabe kuti amene anati "izi zisalembedwe" ayenera kuuzidwa kuti mawu ake ali m'foni ndipo abwana akhoza kuwamva. Iye akuganiza kuti nkhaniyo inathera m'chipindamo. Kumusiya osadziwa si chilungamo, ndipo woneneredwayo nayenso ayenera kudziwa. Koma amene ayenera kuwauza si kalaliki.

Nambewe, Chipata

Ndatumiza 3 koloko madzulo ano. Mutu ndasintha monga anenera Mayi Lungu, ndipo ndime yoyamba tsopano ikuti: "Chimene chikudikira inu ndi lole yonyamula feteleza kupita ku Chadiza. Ya K6,500 ndi yaing'ono, iyenda maulendo awiri, ndipo mwini wake akufuna yankho pofika Lachinayi pa 23 Okutobala, 12 koloko masana. Ya K7,800 inyamula zonse ulendo umodzi, koma ipezeka pa 3 Novembala. Ambiri anakonda yoyambayo poopa mvula, koma chigamulo anasiyira inu, 0:24:30." Za mafuta wapampando akuti ankatanthauza pa 31 Okutobala, ndipo ndalemba detiyo. Dzina la amene anayambitsa pempholo sindinaliike. Pa matumba ndalemba kuti palibe amene anapatsidwa ntchito yofufuza. Linki ndatumiza payokha.

Abwana ayankha pa foni patapita mphindi 40 kuti titenge ya K6,500, ndipo mwini lole tamuuza kale. Afunsanso kuti amene anayambitsa za mafuta ndani, ndipo sindinawayankhebe. Zimene anena Mayi Jere ndazipereka kwa wapampando, amene akuti aganizira usiku uno ngati awauze awiriwo mawa kapena adikire Lolemba.

Bambo Tembo, Chipata

Poti afunsa okha, musawabisire. Muwauze kuti analankhula ndi uje, ndipo ngati enawo anamuvomereza munene kuti ndi angati, ndi mphindi imene akumveka. Muone kaye ngati mawu awo akumvekadi m'foni, chifukwa ngati anangogwedeza mitu muyenera kulemba kuti zimenezo munaziona ndi maso anu.